Za holoselo ndi ngongole ya Lamulungu: zokambirana za gulu lathu la banki m'khonde

Amayi a golosale: Atcheya ndi amayi anzanga nonse, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto, ndipo ndaona kuti ndilinene lero Lolemba osadikira Lamulungu. Pa 4 Julaye ndinaoda katundu wa K900,000 pangongole kuholoselo kuboma, shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere ndi ufa wa mandasi. Amandipatsa masiku 14, ndiye tsiku langa ndi Lachisanu pa 18. M'manja ndili ndi K380,000 yokha. Ndikupempha gulu lindikongoze K400,000, komanso K180,000 imene ndimayenera kubweza Lamulungu muyambe mwandidikira masiku 30.

Msungichuma: Achemwali, pepani, koma zimenezo sizingatheke. Lamulo tinalemba tokha m'kope: munthu satenga ngongole ina asanamalize yoyamba. Masheya anu ndi K140,000, kuchulukitsa katatu ndi K420,000. Mukaphatikiza K400,000 ndi K150,000 imene munakongola kale, yomwe ndi chiwongoladzanja yafika K180,000, mwadutsa malire. Komanso K180,000 yanuyo pali anthu awiri amene analembetsa kale kuti aitenge.

Amayi a mandasi: Mmodzi wa awiriwo ndi ine. Ndadikira milungu itatu. Aliyense akamapempha masiku 30 kugulu, ife ena tizidya chiyani?

Amayi a golosale: Sindinabe ndalama achemwali. Mwera wawombawu mwauona nokha. Alovi akhala masiku angati osalowa panyanja? Kuno ku Makawa akakhala pamtunda amadzatenga shuga ndi sopo, ine n'kulemba m'kope. Kope limenelo lafika K240,000. Palinso loji ina kunyanja imene ndinaipatsa katundu wa K310,000, iwo amalipira pa 31.

Achimwene a kabaza: Nkhani yaing'ono iyi amayi. Lachisanu thimitsani foni, mukaonekere ndalama ikakwana. Akafunsa munene kuti kunali maliro. Aholoselo aja ndalama ali nazo, sangafe ndi mwezi umodzi.

Anganga: Mwana wanga wa kabaza, maliro sanamizira. Ine ndakhala ndikuoda katundu kuboma zaka zambiri ndisanasiyire ana shopu, ndipo amene ndinawaona akutsekeredwa ngongole ndi amene anathimitsa foni. Kusafa kwa mwini holoselo n'koona, koma naye ali ndi tsiku lake lolipira amene amamubweretsera shuga. Chimene chimamupsetsa mtima n'kudzidzimutsidwa. Mayi a golosale, ndiyankheni kaye ichi: katundu amene watsala pashelefu angakwane zingati?

Amayi a golosale: Ndawerenga dzulo usiku ndi tochi, pamtengo woodera ndi pafupifupi K350,000.

Anganga: Ndiye tiyeni tiwonkhetse. M'manja 380, kuloji 310, kwa alovi 240, pashelefu 350. Zonse ndi K1,280,000. Ngongole zanu ndi 900 ya holoselo ndi 180 ya gulu, K1,080,000. Bizinesi sinagwe, ndalama zangochedwa panjira. Chikhala kuti zimene muli nazo zachepera ngongole, ndikanakuuzani kuti masiku 30 sakuthandizani kanthu. Koma apa amene muyenera kumupempha nthawi ndi mwini holoselo. K400,000 ya gulu pa 20 peresenti idzabala K80,000 pamwezi umodzi. Phindu la golosale yanu pamwezi lingakhale zingati kuti mutayepo K80,000?

Amayi a golosale: Ndimachita manyazi anganga. Zaka zitatu sindinaphonyepo tsiku.

Anganga: Zaka zitatuzo ndiye chikole chanu. Pitani mawa Lachiwiri m'mawa, makasitomala asanadzaze, osati Lachisanu. Munthu wopempha tsiku lisanakwane amamvedwa, wopempha tsiku litadutsa amaoneka ngati wagwidwa. Muonane ndi mwini wake kapena amene amasunga buku la ngongole, mnyamata wa pakauntala alibe mphamvu imeneyo. Musapite chimanjamanja. Tengani K300,000, ndiyo gawo limodzi mwa magawo atatu, muike patebulo musanayambe kulankhula zambiri. Tenganinso pepala la loji lija limene anasainira polandira katundu, aone ndi maso kuti ndalama ikuchokera kuti.

Mlembi: Anganga akunena zoona, koma ine ndikanati apereke K380,000 yonse. Ukapereka zambiri ndi pamene amakukhulupirira.

Anganga: Akapereka yonse, Lachitatu agula chiyani? Buledi, machesi ndi mayunitsi zikatha, anthu apita pagolosale ina, ndipo ndalama yobwezera ichokera kuti? Mwini holoselo wodziwa ntchito safuna kuti shopu ya womukongola iume. Komanso Lamulungu gulu likufuna chake.

Amayi a usipa: Ndilowererepo ndi zimene zinandichitikira ine, chifukwa ndinapsa nazo. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndinali ndi ngongole ya zigubu zisanu za mafuta ophikira za malita 20. Ndinapempha mwezi, anavomera ndi pakamwa, akumwetulira. Tsiku lolipira anandiwerengera zigubu zisanu pamtengo watsopano, akuti ngongole yanga ndi ya zigubu, si ya makwacha. Ndinalibe pepala lililonse. Ndinalipira ndikulira. Ndiye achemwali, chimene akavomere chilembedwe kuti ngongole yotsala ndi K600,000 m'makwacha, mtengo wa pa invoisi ya pa 4 Julaye.

Anganga: Eya, gwirani mawu amenewo. Msampha wina uli pakawerengedwe ka masiku. Inu mukati "masiku 30" mukuwerenga kuyambira pa 18 Julaye, kufika pa 17 Ogasiti. Iye akhoza kuwerenga kuyambira tsiku la invoisi, pa 4 Julaye, ndiye kuti pa 3 Ogasiti akuimbirani kuti nthawi yatha. Musatchule masiku okha, tchulani deti. Ndipo pa 17 Ogasiti ndi Lamulungu, mwina adzakhala atatseka, choncho nenani Loweruka pa 16.

Amayi a golosale: Nanga K600,000 ndinene kuti ndidzapereka kamodzi pa 16?

Anganga: Ayi, igaweni pawiri. Loji ikalipira pa 31, K300,000 ipite pa 2 Ogasiti. Masiku awiriwo ndi oti mwina achedwa kusaina. K300,000 yomaliza ichokere pa zogulitsa za tsiku ndi tsiku. Patsiku mumagulitsa zingati za kashi?

Amayi a golosale: Masiku ano a mwera, mwina K45,000.

Anganga: Muzipatula K12,000 madzulo aliwonse, muziisunga pafoni kuti isasakanikirane ndi ya m'kabati. Masiku 25 yakwana K300,000. Mashelefu achepako, zimenezo muyembekezere, chifukwa ndalama imeneyo yaposa phindu la tsiku. Koma katundu amene mukugulitsayo ndi wa holoselo yemweyo. Ndalama ya alovi musaitchule n'komwe pa lonjezo lanu. Mphepo ilibe deti.

Mlembi: Ndalemba uthenga woti akautumize atangokambirana, kuti umboni ukhale pafoni zonse ziwiri. Onani ngati uli bwino: "Bwana, monga takambirana lero pa 15 Julaye, pa invoisi ya pa 4 Julaye ya K900,000 ndapereka K300,000. Yotsala ndi K600,000 pamtengo womwewo. Ndidzapereka K300,000 pa 2 Ogasiti ndi K300,000 pa 16 Ogasiti. Katundu wina amene nditenge pakatipa ndizilipira kashi. Chonde yankhani kuti mwavomera."

Anganga: Uli bwino alembi. Mzere wa kashiwo ndi umene umafewetsa mtima wake, chifukwa akudziwa kuti ngongole siikula, komanso kasitomala sakuthawira kwina. Lisiti ya K300,000 musaiiwale, ndipo alembe kuseri kwa invoisi yanu ndi kusaina.

Achimwene a kabaza: Nanga akakana? Kapena akati onjezani kenakake?

Anganga: Akati onjezani, funsani ndi zingati, muyerekeze ndi gulu. Ngakhale atati 5 peresenti pa K600,000, ndi K30,000, yachepa kuposa K80,000 ija. Akati masiku 30 achuluka, landirani mpaka pa 2 Ogasiti, ndipo yotsalayo mumupemphe alandire katundu amene simunatsegule, monga mabelo a shuga kapena makatoni a sopo, achotsere pangongole. Ena amalola, ena salola. Chimene ndikuletsa n'kusiya filiji kapena khadi la kubanki ngati chikole. Filiji ndi imene ikugulitsa zakumwa, ikapita K45,000 ija itsika.

Amayi a mandasi: Zonsezi n'zabwino kwa aholoselo. Ine funso langa silinayankhidwe. Akapereka K300,000 kuboma, atsala ndi K80,000. K180,000 ya Lamulungu ili kuti? Bwana wa kuboma alandire poyamba, ife amene timakhala nawo pamphasa tidikire?

Msungichuma: Funso limenelo ndi langanso. Lamulo limalola kupereka chiwongoladzanja chokha, K30,000, n'kusuntha K150,000 mwezi umodzi, kamodzi kokha. Koma mwezi wamawa idzakhalanso K180,000. Anganga, pamasamu anu ndalama ya loji yapita kuholoselo, ya tsiku ndi tsiku yapita kuholoselo. Ya gulu yatsamira pa kope la alovi, lomwe mwanena nokha kuti lilibe deti. Ndiye kuti chiopsezo chonse mwachisamutsira kwa ife.

Anganga: Pamenepo mwandigwira mwana wanga, sinditsutsa. Njira ina ndi yoti abweze gulu K180,000 yonse Lamulungu, kuholoselo apite ndi K150,000, atsale ndi K50,000 yoodera. Koma K150,000 pa K900,000 ndi yochepa, ndipo yotsala ikhala K750,000. Pamasiku 30 sangaikwanitse popanda alovi. Akalonjeza n'kuphonya kachiwiri, buku lake kuboma latsekedwa, ndipo shopu ikagwa gulu nalonso lidzavutika kutolera.

Amayi a golosale: Achemwali a mandasi, mumafuna zingati Lamulungu?

Amayi a mandasi: K90,000, ya thumba la ufa ndi mafuta.

Amayi a golosale: Ufa wa mandasi ndi mafuta ndili nazo pashelefu. Ngati gulu lilola, mutenge katundu wa K90,000 pamtengo woodera, alembi achotse pangongole yanga n'kulemba pa inu. Ine nditsale ndi K60,000 ndi chiwongoladzanja chake.

Msungichuma: Buku lathu limadziwa ndalama, silidziwa ufa. Tikayamba zimenezo, wina adzabweza ndi nkhuku. Komanso shelefu ija ya K350,000 ikatsika kufika K260,000, K12,000 ya tsiku lililonse ipezekabe?

Amayi a mandasi: Ine ufawo ndikhoza kulandira, bola ukhale wosatsegula ndipo mtengo ndiuone pa invoisi.

Wapampando: Amayi ndi abambo, ndawerenga zonse. Ngongole yatsopano ya K400,000 palibe, pamenepo tagwirizana. Mayi a golosale apite kuboma mawa ndi K300,000 ndi pepala la loji, ndipo yankho la mwini holoselo alitumize pano tilione tonse. Lamulungu abwere ndi K30,000 ndi kope la alovi, tione maina angati ndi a anthu okhazikika pano ndi angati ndi a obwera amene angasamukire doko lina. Za ufa sindigamula pafoni, mamembala asanu ndi awiri alibe mafoni a WhatsApp, tidzakweza manja pamphasa.

Msungichuma: Ndamva atcheya, koma alembi alembe kuti ine za ufa sindinavomere.

Amayi a golosale: Zikomo nonse. Achimwene a kabaza, mawa mudzanditenge 6 koloko, ndikufuna ndikafike asanatsegule.