Paipi ya mamita 120 imasunga malita angati a madzi?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Pali paipi yakuda ya pulasitiki, yotalika mamita 120, kuchokera pa thanki kufika pa mpopi. Pathupi pake palembedwa 32 x 3.0. Madzi akhalamo nthawi yaitali osayenda, ndiye ndikufuna kudziwa kuti muli malita angati, kuti nditaye okwanira ndisanayambe kutunga abwino.

Woyankha woyamba: Zosavuta achimwene. Theka la 32 ndi 16. Chulukitsani 16 ndi 16, kenako ndi 3.14, mupeza 804. Ndiye kuti mita iliyonse ili ndi malita 0.8, ndipo mamita 120 ndi malita pafupifupi 96.

Pulambala: Njira yanu ndi yolondola bambo, koma nambala mwayambira ndi yolakwika. Pa mapaipi akuda amenewa 32 ndi muyeso wa kunja, pomwe madzi amakhala m'bowo mokha. Nambala yachiwiriyo, 3.0, ndi kuchindikala kwa khoma la paipi m'mamilimita. Khomalo lili uku ndi uku, choncho mumachotsa kawiri: 32 kuchotsa 6, bowo ndi mamilimita 26. Ambiri amachotsa kamodzi n'kupeza 29, apa ndi pamene amagwera.

Mukapeza bowo, chitani chonchi:

```
malita = d × d × 0.7854 × L ÷ 1000
```

d ndi bowo m'mamilimita, L ndi kutalika m'mamita. Pa paipi yanu, 26 kuchulukitsa ndi 26 ndi 676. Kuchulukitsa ndi 0.7854 mupeza 531, kutanthauza malita 0.53 pa mita iliyonse, kungopitirira pang'ono theka la lita. Pa mamita 120 ndi malita pafupifupi 64. Malita 32 owonjezera omwe anapeza anzathu aja ndi pulasitiki, si madzi.

Wina: Koma zimatengera mphamvu ya madzi. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri, malita amachuluka.

Pulambala: Inu mukunena za madzi otuluka pa mpopi pa mphindi, ndi nkhani ina. Paipi ikadzaza yadzaza. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho thanki ikhale pamwamba kapena pansi, malitawo ndi omwewo. Chomwe chimasintha ndi liwiro.

Mayi wina: Ndiwonjezere pa nkhani ya bowo. Zolembazo zikafufutika, dulani kachidutswa mowongoka, chotsani tizinyenyeswa ta m'mphepete, muyeze m'kati kuchokera khoma ili kufika khoma linalo, podutsa pakatikati penipeni. Paipi yomwe inali yokulungidwa nthawi zina imakhala yophwatalala pang'ono, ndiye yezani kawiri mopingasa n'kutenga nambala ya pakati. Musapeputse milimita imodzi. Mukawerenga 25 m'malo mwa 26, yankho limatsika kuchoka pa 64 kufika pa 59. Chifukwa chake n'chakuti bowolo limachulukitsidwa ndi lokha. N'chifukwa chakenso paipi ya bowo la 50 imasunga madzi kanayi kuposa ya 25, osati kawiri: malita 1.96 pa mita, pomwe inayo ndi 0.49.

Wofunsa: Zikomo mayi. Ndiye ndikataya ndowa zitatu za malita 20 ndi pang'ono, basi ndamaliza?

Mayi wina: Ayi achimwene, onjezerani. Madzi atsopano sakankha akale ngati chitsekerero. A pakati pa bowo amathamanga, a m'mbali mwa khoma amatsalira, ndipo amasakanikirana. Tayani kawiri, malita ngati 130. Kuti musavutike ndi kuwerenga ndowa, onani nthawi: ngati ndowa ya malita 20 ikudzaza m'mphindi 2, mpopi ukutulutsa malita 10 pa mphindi, ndiye utsegulireni mphindi 13.

Pulambala: Ine ndinganene katatu, makamaka ngati madziwo akununkha kapena asintha mtundu. Ndipo mpopi utsegulidwe wonse, chifukwa madzi oyenda pang'onopang'ono sanyamula matope okhala pansi pa paipi.

Wina wa paipi yachitsulo: Nanga yachitsulo ya inchi imodzi, ndingoika 25.4 pa d?

Pulambala: Inchiyo ndi dzina chabe. Yachitsulo ya inchi imodzi kunja kwake ndi mamilimita pafupifupi 33.7, ndipo bowo limakhala cha m'ma 27, malinga ndi kuchindikala kwa khoma. Ikakhala yakale, dzimbiri limadya malo m'katimo, ndiye masamu amakupatsani malita ambiri kuposa omwe alimodi. Yezani pomwe mwamasula.

Woyankha woyamba: Ndavomera za khomalo. Koma masamu onsewa akuyesa kuti paipi ndi yodzaza. Ngati ikukwera ndi kutsika, pamalo okwera pamatsalira mpweya. Mukamva mpopi ukutsokomola ndi kulavula, dziwani kuti simunali malita 64.

Wofunsa: Ukulavuladi ukangotsegulidwa. Ndiyambe kuwerenga mphindizo nthawi yomweyo, kapena ndidikire kaye usiye?