Katundu wolemera makilogalamu 5, koma akundilipiritsa 12

Wofunsa: Abale anga, ndithandizeni. Ndinagula zinthu m'masitolo atatu a pa intaneti, ndipo zonse zinafikira pa adiresi ya kampani yomwe imandilandirira katundu kunjako. Njira imeneyi anandiphunzitsa ndi mlamu wanga, yemwe lero sakuyankha foni ngakhale ali ndi ngongole yanga. Wogulitsa wina anachedwa masabata atatu, moti masiku ondisungira katundu mwaulere atsala asanu okha. Ndinapempha kuti maphukusi anayi awaphatikize m'katoni imodzi poganiza kuti mtengo utsika, koma ngakhale sikelo yawo ikuonetsa makilogalamu 5, akundilipiritsa makilogalamu 12. Kodi andibera?

Bambo wolankhula kwambiri: Akuberani, ndipo musafunsenso. Ine ndinaphatikizapo maphukusi asanu, ndipo atafika a msonkho anawerengera mtengo wa zonse pamodzi, pomwe chikanabwera chilichonse pachokha mwina sindikanalipira kanthu. Kuphatikiza ndi msampha.

Mayi wodziwa za katundu: Bambo, zomwe zinakuchitikiranizo n'zoona, chifukwa m'maiko ambiri msonkho umayamba mtengo wa phukusi ukapitirira malire ena, koma si zomwe zafunsidwa. Inu wofunsa, simunatiuze kukula kwa katoniyo kapena zomwe zili m'katimo. Ndege imalipiritsa malo, osati kulemera kokha. Amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, ngakhale ena amagawa ndi 6000, kenako amayerekeza ndi zomwe sikelo yaonetsa n'kutenga nambala yaikulu.

Mnyamata wina: Mwina munaiwala kulemba nambala yanu ya bokosi pa adiresi. Ine nditaiwala, phukusi langa linakhala mwezi wathunthu m'nyumba yosungiramo katundu lopanda mwini.

Wanthabwala: Achimwene, katundu wawo sanasowe, wangonenepa.

Bambo wolankhula kwambiri: Masamu amenewo anawapeka okha kuti azitidyera. Mpweya ungalemere makilogalamu 7? Mayi inu, mukuyankhula ngati mumagwira ntchito komweko. Wofunsa, auzeni alembe mtengo wochepa pa fomu ya msonkho kuti ndalama yomwe akuberaniyo ibwerere m'thumba.

Mayi wodziwa za katundu: Malangizo amenewo musawatsatire. Kupatula kuti n'kuphwanya lamulo, katoni ikasowa kapena kuphwanyika, chipukutamisozi sichipitirira mtengo womwe munalemba nokha.

Wofunsa: Pepani, ndinali ndisanaone kuti miyeso analemba. Katoniyo ndi ya masentimita 50, 40 ndi 30. Muli chipewa cha njinga yamoto, jekete, nsapato mapeyala awiri m'mabokosi ake, ndi kapawabanki kamodzi komwe sindinakaone ngati nkhani. Mlamu wanga sanandiuzepo zonsezi.

Mayi wodziwa za katundu: Ndiye palibe wakuberani:

```
50 x 40 x 30 ÷ 5000 = 12
```

Zikuoneka kuti anangotenga mabokosi a m'sitolo n'kuwaika momwe analili m'katoni yaikulu, zomwe n'zosiyana ndi kulongedzanso. Apempheni alongedzenso: ataye mabokosi a nsapato, jekete alipinde n'kulilowetsa m'chipewamo, ndipo katoni aidule kuti ithine. Ikatsika kufika pa 40, 35 ndi 30, mudzalipira makilogalamu 8.4, omwe ambiri adzawakweza kukhala 8.5 kapena 9. Kufika pa 5 n'kovuta chifukwa chipewa sichipindika. Musanavomere, apempheni zithunzi kuti muone saizi ya nsapatozo, popeza masitolo ena salandira nsapato yobwezedwa yopanda bokosi lake, ndipo mufunsenso ndalama yolongedzeranso kuti muiyerekeze ndi yomwe mupulumutse.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kapawabanki mukukachepetsako. Kuyambira 2016, mabatire a lifiyamu omwe sali m'chipangizo kapena pamodzi nacho saloledwa kutumizidwa ngati katundu m'ndege zonyamula anthu, ndipo pawabanki imawerengedwa ngati batire yoteroyo. Makampani ambiri otumiza katundu amaikana, ndipo ikapezeka katoni itanyamuka kale, ikhoza kuimitsa kapena kubweza zonse, chipewa ndi nsapato zomwe.

Mnyamata wina: Koma ine laputopu yanga inabwera pa ndege popanda vuto, ndipo ili ndi batire yaikulu kuposa imeneyo.

Mayi wodziwa za katundu: Batire ya laputopu ili m'kati mwa chipangizo, ndipo malamulo ake ndi ena.

Bambo wolankhula kwambiri: Mwaona tsopano? Choyamba akugulitsani mpweya, kenako akulandani pawabanki. Ine yanga anaitaya, n'kundilipiritsanso ndalama yotayira, ndipo mpaka pano lisiti lake ndinalisunga.

Wofunsa: Ndawalembera kuti aichotse ndi kulongedzanso zotsalazo. Ayankha kuti ntchitoyo itenga masiku atatu kapena anayi, koma sananene ngati masiku osungira mwaulere aja apitiriza kuwerengedwa. Nanga pawabankiyo ndiibweze kusitolo, pomwe mtengo wotumizira ukuoneka kuti ukufanana ndi womwe ndinagulira?

Wanthabwala: Atumizireni mlamu wanu funso limenelo, mwina nkhani ya batire iwatsitsimutsira foni.