Agogo akumafuna kupita kwawo, chonsecho ali kwawo

Wosamalira odwala m'makomo: Anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndikusamalira agogo aakazi a zaka 81 odwala matenda oiwalaiwala. Ine ndimakhala nawo masana, usiku amatsala ndi mwana wawo wamkazi. Dzuwa likapendeka amamanga zovala, ati akupita kwawo, chonsecho nyumbayo ndi yawo yomwe. Zimenezi tidazizolowera. Koma kuyambira Lolemba zanyanya: sakugona, akuona anthu pamene palibe munthu, ndipo dzulo atuluka 2 koloko usiku n'kukapezeka kumsewu. Mwana wawo akuti tipemphe mankhwala ogonetsa.

Wosamalira wachiwiri: Matendawo ndiye akula, achemwali. Ikani loko, kiyi mubise. Za kwawozo muziwaonetsa katundu wawo kuti akhulupirire.

Namwino: Ayi, tisathamangire kunena kuti akula. Matendawa amakula pang'onopang'ono, pa miyezi. Munthu akasintha chonchi m'masiku atatu, kawirikawiri pali china chimene chalowa m'thupi, ndipo nthawi zambiri chimachizika. Achemwali, akumamva kupweteka pokodza kapena kukodza pafupipafupi? Kuchimbudzi anapita liti? Akumwa madzi? Thupi likutentha, akutsokomola, kapena ayamba mankhwala atsopano? Munthu wotere sanena kuti apa pakundipweteka, amangobalalika. Apite kuchipatala lero lomwe, munyamule mankhwala onse amene akumwa. Ogonetsawo musawayambe panokha. Okalamba amawasokoneza mutu kwambiri, akadzuka usiku amadzandira n'kugwa.

Wosamalira odwala m'makomo: Mwandikumbutsa. Kuchimbudzi atha masiku asanu osapita, ndipo akumagwira pamimba. Ine ndimayesa n'chifukwa akudya pang'ono.

Namwino: Zimenezo mukanene poyambirira penipeni. Zamadzulozo, musatsutsane nawo, mkangano umangowonjezera mantha. Afunseni kuti kwanuko kuli ndani, afotokoze, kenaka muwapatse zovala apinde kapena muyende nawo pang'ono n'kubwerera. Yatsani nyali kusanade, chifukwa zithunzithunzi za chisisira zimawaopsa. M'mawa aothereko dzuwa, masana asagone nthawi yaitali.

Wosamalira wachiwiri: Chabwino, koma loko ndikuumirirabe. Kumsewu usiku si masewera.

Namwino: Chitseko chakunja mungathe kukhoma ngati m'nyumbamo muli wina wodziwa pamene pali kiyi. Kuwatsekera okha m'chipinda ayi, moto utabuka bwanji? Mangirirani belu pachitseko, ndipo m'thumba mwawo muzikhala kapepala ka dzina ndi nambala ya foni.

Wosamalira wachitatu: Ine nkhawa yanga ili pa mwana wawoyo. Ndidasamalirapo bambo anga ndekha, ndipo tsiku lina ndidawakalipira mpaka adalira. Zimandiwawabe. Wopempha mankhwala ogonetsa nthawi zambiri ndi amene wasowa tulo. Belulo likalira, adzadzuke ndi yemweyonso. Ali ndi womulandira usiku?

Wosamalira odwala m'makomo: Alibe. Achimwene ake amangoimba foni. Kuchipatala tipita masana ano, ndipo ndimupempha tikhale pansi ndi abale agawane masiku, ngakhale awiri pa sabata. Koma abalewo adakanapo kale, ati agogo sawazindikiranso.