Bajeti yanga aibweza, akuti ndifotokoze chifukwa chake yakwera. Ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Abale, ndabisa dzina chifukwa ena amene ndimagwira nawo ntchito ali pagulu pompano. Ndimayang'anira dipatimenti ya magalimoto pa kampani ina ku Blantyre. Tili ndi mapikapu atatu ndi malole awiri. Chaka cha 2023 tinagwiritsa ntchito K41 miliyoni. Pa bajeti ya 2024 ndapempha K70 miliyoni, ndiye bwana wa zachuma wandibwezera pepala atalembapo ndi inki yofiira kuti ndifotokoze. Ndifotokoze chiyani pomwe aliyense akudziwa kuti zinthu zakwera? Chikundiwawa n'choti bwana yemweyu chaka chatha anagula mipando yatsopano ya muofesi mwake popanda womufunsa, pomwe madalaivala anga akhala miyezi iwiri osalandira alawansi ya ulendo. Amene ndinalowa m'malo mwake anachoka osandisiyira fayilo ngakhale imodzi, ndipo kompyuta imene ndinapatsidwa imazima yokha. Bodi ikumana sabata ya mawa. Tulo sindikupeza. Ndilembe bwanji?

Mdala wa ku Ndirande: Mphwanga, mvera ine, ndayang'anira masitolo a kampani zaka zambiri. Bajeti ndi msika. Ukafuna 60 umapempha 90, iwo adula, iwe n'kutsala ndi yako. Wolakwa ndiwe amene wapempha 70 yokha. Akauntanti ntchito yake ndi kudula basi, alibe china.

Bambo a Tadala: Zophweka izi. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tengani 41 yanuyo, onjezani 44 peresenti, ikukwana K59 miliyoni. Lembani mzere umodzi kuti ndi kugwa kwa kwacha, palibe angatsutse.

Nachisale: Bambo a Tadala, kugwa kwa kwacha n'koona koma sikukwera kwa chinthu chilichonse ndi mulingo umodzi. Matayala ochokera kunja atsatira dola, koma ndalama ya ntchito ya makaniko sinakwere choncho tsiku lomwelo. Komanso mkati mwa 41 ija muli kale miyezi iwiri imene anagula pa mitengo yatsopano, ndiye mukaonjezera pa yonse mwawerenga kawiri. Ofunsa, ndine akauntanti, mabajeti ngati anuwa amafika patebulo langa. Tiuzeni kaye: K41 miliyoni ndi imene munagwiritsa ntchito, nanga imene anakuvomerezani chaka chathacho inali zingati?

Mdala wa ku Ndirande: Mwaona? Wafika wodula uja. Mafunso awo ndi omwewa, kuti akupezere podulira.

Achimwene a Zomba: Inu dikirani silingi, malire a ndalama ochokera ku Treasury, simungapemphe kuposa pamenepo. Ndipo mwachedweranji kapena mwafulumiriranji, chaka cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo. Ife timangogawa ORT, ndalama yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, mmene yabwerera.

Mayi Phiri: Achimwene, werengani bwino, anena kuti ndi kampani, si boma. Chaka chawo chikuoneka kuti ndi Januwale mpaka Disembala.

Kamnyamata ka pa Chigumula: Gulitsani lole imodzi mugule njinga za kabaza khumi, bajeti itsika yokha 😂

Membala wobisa dzina: A Nachisale, anativomereza K48 miliyoni. Koma nkhani si imeneyo, nkhani ndi yoti bwanayu ali nane chifukwa kuyambira pomwe ndinakana kupereka pikapu kuti akanyamulire njerwa zake.

Nachisale: Ayi, nkhani ndi imeneyo ndithu, ndipo mukanayamba nayo. Taonani mmene bwana wanu akuonera pepalalo. Munapatsidwa 48, munagwiritsa ntchito 41, K7 miliyoni inatsala, lero mukupempha 70. Munthu aliyense wa zachuma, ngakhale wokukondani, afunsa kuti amene analephera kumaliza 48 akufuniranji 70. Ndiye ndiuzeni, 7 imeneyo inatsala chifukwa chiyani? Panali galimoto imene inaima? Pali mainvoisi amene sanalipidwe?

Mdala wa ku Ndirande: EEE! Munabweza ndalama? Apa ndiye mwadzipha nokha. Ndalama ya bajeti sabweza. Disembala ikafika umagula matayala, mabatire, oyilo, chilichonse, mpaka itheretu. Ine m'chaka china ndinasiya ndalama yochepa chabe, chaka chotsatira anandidula kawiri kuchuluka kwake, ndipo amene anandidulayo anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ndekha. Mpaka lero tikakumana pa maliro sandiyang'ana kumaso.

Mayi Phiri: Mdala, matayala ogula mothamanga mu Disembala aja ndi amene amasowa m'sitolo mu Febuluwale, kenako oditala n'kugwira wosunga makiyi. Musamuphunzitse mwana wa eni zimenezo.

Mdala wa ku Ndirande: Mayi, mukundinena kuti ndine wakuba?

Mayi Phiri: Sindinatchule munthu ine.

Membala wobisa dzina: Lole imodzi inaima kuyambira Meyi mpaka Okutobala, injini inafa ndipo zipangizo zinachedwa kubwera. Ikamayenda imamwa malita pafupifupi 400 pa mwezi. Kugalaja tili ndi ngongole ya K5 miliyoni ya kukonza loleyo, mainvoisi ake ali mu dirowa yanga chifukwa anabwera mochedwa. Ndayang'ana mu logibuku, dizilo chaka chonse tinathira malita 12,000, ndipo pafupifupi 2,000 mwa amenewo tinathira mtengo utakwera kale.

Nachisale: Basi, bajeti yanu ndi imeneyi, munangoibisa mu dirowa. Tiyeni tiwerenge limodzi, tiyambe ndi dizilo chifukwa ndiye wamkulu.

MERA isanakweze mitengo mu Novembala 2023, dizilo anali K1,920 pa lita, kenako anafika K2,734. Malita anu 10,000 pa mtengo wakale ndi K19.2 miliyoni, 2,000 otsalawo pa mtengo watsopano ndi pafupifupi K5.5 miliyoni. Ndiye dizilo yekha anadya K24.7 miliyoni mwa 41 ija. Tsopano malita omwewo 12,000, osaonjezera ngakhale ulendo umodzi, chaka chino muwagula onse pa K2,734, zomwe ndi K32.8 miliyoni. Kusiyana kwake, K8.1 miliyoni, ndi kwa mtengo basi, ndipo bwana sangakane chifukwa naye amathira pa pampu yomweyo. Umenewu ukhale mzere woyamba.

Mzere wachiwiri ndi wa lole ija. Miyezi isanu ndi umodzi imene inaima ndi malita 2,400 amene simunagule. Chaka chino iyenda chaka chonse, ndiye onjezani 2,400 pa K2,734, pafupifupi K6.6 miliyoni. Mzere womwewu ukuyankhanso funso la ndalama yotsala ija: sinatsale chifukwa simunaifune, inatsala chifukwa lole inali pa majeke. Dizilo yense akukwana K39.4 miliyoni. Musasakanize mizere iwiriyi. Wina ndi kukwera kwa mtengo, wina ndi kuchuluka kwa ntchito, ndipo bodi imafunsa mafunso osiyana pa uliwonse.

Bambo a Tadala: Komatu dizilo wakwera ndi 42 peresenti pamenepo, sindinaphonye kwambiri.

Nachisale: Pa mtengo wa lita simunaphonye. Koma njira yanu sikanaona lole yoima ija, komanso bwana akanafunsa kuti 44 ya inshuwalansi yachokera kuti, yankho likanasowa.

Mlongo wa ku Mzuzu: Ine vuto langa ndi lomweli koma kusukulu. Ndinapempha ndalama ya choko ndi mapepala a mayeso, komiti inati tigwiritse ntchito za chaka chatha, pomwe za chaka chathazo zinanyowa denga litadontha. Ndinagula ndi ndalama yanga mapepala a teremu yonse, mpaka pano sanandibwezere. Mukapeza njira mundiuzeko.

Mdala wa ku Ndirande: Masamu onsewa ndi otaya nthawi. Bodi siwerenga malita, imayang'ana nambala ya pansi n'kudula chigawo. Mphwanga, lemba 85, undithokoza.

Nachisale: Ofunsa, titsirize mbali yotsala. Mukachotsa dizilo pa 41, patsala K16.3 miliyoni ya matayala, sevisi, inshuwalansi ndi zina. Mmenemo muli chinthu chimene munagula kamodzi chimene sichibweranso chaka chino?

Membala wobisa dzina: Giyabokosi ya pikapu, K3 miliyoni.

Nachisale: Ichotseni nokha, ndipo lembani poonekera kuti mwaichotsa. Bwana akaona kuti mwadzidula nokha pamene pafunika, mizere inayo amaikhulupirira. Patsala K13.3 miliyoni. Imeneyi musaiganizire, pitani mukatenge makotesheni atsopano a matayala ndi mafiluta, funsani a inshuwalansi mtengo wa chaka chino, muchulukitse ndi kuchuluka kwa zimene mudzafune. Tingoyerekeza kuti zonse zakwera ndi 40 peresenti, ifika K18.6 miliyoni. Mukaphatikiza ndi dizilo ndi K58 miliyoni.

Za K5 miliyoni ya kugalaja, pitani nayo mawa m'mawa ku ofesi ya zachuma. Ntchitoyo inagwiridwa mu 2023, ndiye ngati mabuku a chakacho sanatsekedwe akhoza kuilemba kumeneko, ndipo zimene munagwiritsa ntchito zikhala 46, osati 41. Ngati atsekedwa, ikhale pa mzere wakewake wa ngongole ya chaka chatha, isalowe mu ndalama yokonzera magalimoto ya chaka chino, apo ayi pofika Marichi mudzapeza mzere wa sevisi watha musanakonze galimoto ngakhale imodzi. Ndi ngongoleyo mukufika K63 miliyoni. Ndiye funso langa: 7 inayo yofikitsa pa 70 ndi ya chiyani?

Membala wobisa dzina: Kunena zoona ndinangoonjezera poopa kuti mafuta akweranso. Komanso ndimafuna alawansi ya madalaivala ikwereko.

Mayi Phiri: Alawansi ilembeni payokha: maulendo angati ogona kunja, madalaivala angati, zingati pa usiku. Koma funsani kaye ngati imachokera ku bajeti yanu kapena ya olemba ntchito, kwathu imachokera kwa olemba ntchito. Za mafuta, ine ndimangolemba chiganizo chimodzi pansi kuti lita ikakwera ndi K100, pa malita 14,400 bajeti ikwera ndi K1.44 miliyoni. Bodi imasankha yokha kusunga ndalama yapadera kapena ayi.

Mdala wa ku Ndirande: Ndiye mwamutsitsa kuchoka pa 70 kufika pa 63 ndi manja anu, bodi ikadula chigawo atsala ndi 55, Ogasiti magalimoto aima. Mudzabwere pano mudzandiuze.

Nachisale: Akadula, iye awafunse kuti achotse mzere uti. Dizilo wa K8 miliyoni ndi malita pafupifupi 2,900, kuposa miyezi isanu ndi iwiri ya lole imodzi. Asankhe okha lole yoti iime.

Mdala wa ku Ndirande: Sasankha amenewo, amangodula.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma mainvoisi aja ndikawapereka mawa, sandilembera kalata yochenjeza chifukwa chowasunga miyezi iwiri? Kapena ndiyambe ndalankhula ndi akauntanti wamng'ono uja amene timagwirizana?

Kamnyamata ka pa Chigumula: Nanga njerwa zija zinafika bwanji kumalo? Ife tikudikira mbali imeneyo.