Ndingasanje bwanji nkhani ya matenda a bambo kuti adokotala aimve bwino?

Wofunsa: Abale ndi alongo a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Bambo anga a zaka 71 akudwala kumudzi ku Ntcheu, ndipo amene akuwasamalira ndi azakhali anga, alongo awo. Lachinayi ndidzapita nawo kuchipatala, koma azakhali sadzatha kubwera. Anditumizira mawu ataliatali pa foni, ndipo nkhaniyo ikuyambira pa maliro a amfumu, kufika pa kutupa kwa miyendo, kubwerera ku chifuwa cha chaka chatha, mpaka kukathera pa mkangano wa malire a munda umene iwo akuti ndiwo gwero la matendawa. Zonse akuzidziwa ndi iwowo chifukwa ndiwo amachezera nawo usiku, koma ndikaifotokoza chonchi pamzere wautali, adokotala sadzatolapo kanthu. Ndiyambire pati?

Namwino wa ku Zomba: Achimwene, yambani ndi vuto limene lachititsa kuti mupite nawo sabata ino, ndipo munene nthawi imene latenga, m'chiganizo chimodzi chokha. Kenako bwererani pa tsiku lomaliza limene bambo anali bwinobwino n'kumatsata zimene zinachitika mpaka lero. Azakhali musawafunse madeti, chifukwa adzangotchula kuti akusangalatseni. Afunseni ngati miyendo inatupa maliro aja asanachitike kapena atachitika, chimanga chili kumunda kapena atakolola. Tsiku la maliro a amfumu aliyense m'mudzi akulidziwa, choncho nkhani imene mukuiona ngati yosokoneza ndiyo ikupatseni kalendala. Mawu akuti "afooka" muwasandutse zinthu zooneka: kodi kale ankayenda mpaka pati, ndipo lero akubanika atafika pati? Kodi amagona chagada kapena amachita kutsamira khoma? Yatupa ndi miyendo yonse iwiri kapena umodzi? Mulembenso zimene palibe, monga kutentha thupi, thukuta la usiku kapena magazi m'makhololo, pakuti zimenezi zimatithandiza kusiyanitsa vuto la mtima ndi chifuwa chachikulu.

Bambo wina wa ku Mchinji: Musadzivutitse, ingotengani buku lawo la kuchipatala, zonse zinalembedwa mmenemo.

Namwino wa ku Zomba: Bukulo alitenge ndithu, ngakhale lakale limene linadzaza, koma limangonena zimene odwala anapatsidwa, osati zimene anamwa. Anyamulenso mapaketi onse a mankhwala, ndi otha omwe.

Mayi wa ku Ndirande: Miyendo ikatupa aziiviika m'madzi ofunda a mchere madzulo, agogo anga zinawathandiza.

Wofunsa: Zikomo mayi, koma pano ndikufuna kasanjidwe ka nkhani. Ndawaimbiranso azakhali ndipo ndalemba motere: "Akubanika ndipo miyendo yonse iwiri yatupa kwa masabata atatu. Mpaka mwezi wa Epulo ankalima okha. Mu Meyi anasiya mankhwala a kuthamanga kwa magazi poona kuti akupeza bwino. Mu Juni anayamba kupumira m'njira popita ku tchalitchi, ndipo tsopano akubanika pongopita kuchimbudzi. Kwa sabata imodzi akugona chokhala. Amamwa bulufeni wogula pa golosale tsiku lililonse chifukwa cha mawondo. Satentha thupi ndipo sakutsokomola magazi." Za bulufeni azakhali sanazitchule poyamba chifukwa samuona ngati mankhwala enieni. Nanga za asing'anga ndi za munda uja ndilembe?

Mphunzitsi wopuma ntchito: Ine mayi anga atadwala, achibale tinagwirizana kubisa zoti ankamwa mankhwala azitsamba poopa kukalipiridwa, ndipo tinaulula patapita masiku adokotala atafunsa okha kachiwiri. Lembani zonse mwanawe, ndi za mundazo, kuti azakhali asaone ngati mwawanyoza.

Namwino wa ku Zomba: Pa zitsamba ndikugwirizana nanu aphunzitsi: alembe chimene anamwa, kaya ndi chowiritsa kapena chaufa, kangati pa tsiku, kuyambira liti, ndiponso ngati anatemeredwa mphini. Koma za mundazo ine sindingaziike papepala, chifukwa pepala ndi la zimene maso aona, pokhapokha ngati mkanganowo ukuwasowetsa tulo kapena kuwaletsa kudya. Achimwene, mwasanja bwino. Onjezani za mkodzo, ngati wachepa, za fodya ndi mowa, ndiponso mmene chifuwa cha chaka chatha chinathera ndi ngati anayezetsa makhololo. Bulufeni amatha kusunga madzi m'thupi ndi kuvulaza impso, choncho mumutchule msanga. Pepalalo likhale lokukumbutsani inu, koma muwasiye bambo ayambe kulankhula okha. Komanso munthu amene wayamba kugona chokhala chifukwa cha kubanika sayenera kudikira Lachinayi. Pezani galimoto mupite nawo lero kapena mawa m'mawa.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Pa za ulendowo ndavomereza, koma pa za munda ndikuonabe kuti adokotala ayenera kudziwa chimene banja likukhulupirira, chifukwa ndi chomwecho chimene chidzachititse kuti mankhwala amwedwe kapena asiyidwenso.

Wofunsa: Ndanyamuka masana ano, ndipo azakhali ndawapempha kuti foni ikhale pafupi mawa kuti adokotala akafuna kudziwa za usiku ayankhe okha.