Ndiyenda ndekha ndi ana awiri pa basi, posinthira ndipange bwanji?

Make Tadala: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeniko nzeru. Sabata yamawa ndili ndi ulendo wautali ndekha ndi ana awiri, wina wa zaka 3 wina wa miyezi 8, ndiye basi yake siyokafika, ndikatsika panjira nkudikira ina mwina maola atatu. Katundu ndi chikwama chachikulu ndi kachikwama ka matewera. Wamkuluyu ndimulipilire mpando wake kapena ndingomunyamula? Koma chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi posinthirapo, mwana ameneyu ngothamangathamanga, nanga ndikamatenga chikwama ku buti iye akhala ali kuti?

Nabanda: Mpando lipilani asisi, miyendo yanu ili kale ndi mwini wake, wakhandayo. Wamkuluyo akhale ku windo inu kunjira kuti asamatsike, ndipo pewani mipando yakumbuyo kwenikweni, kumeneko basi imadumpha kwambiri mwana sachedwa kusanza. Ngati mipando ili ndi malamba mumangeni wake, koma lamba mmodzi asazungulire inu ndi wakhanda pamodzi, dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi thupi lanu lonse limamupanikiza mwanayo pa lambapo.

Posinthira ndi pomwe pali nkhani. Basi ikaima musalimbane ndi chigulu cha pakhomo, dikirani anthu achepe, muberekeni wakhanda mudakali mkati, kachikwama paphewa, dzanja limodzi likhale la wamkulu basi. Pa sitepe yambani ndinu kutsika kenako mumutsitse, pokwera ndiye iye patsogolo. Ku buti musamusiye dzanja ngakhale pang'ono, mulozereni kondakitala chikwama akutulutsireni, chifukwa mu depoti mabasi amabwerera chambuyo ndipo mwana wa msinkhu umenewo dalaivala samuona pagalasi.

Bambo a Chiko: Mukamatsika komalizira chikwama mukachipeza? Ife chinapita ndi munthu wina chonchi, chinali chofanana ndi chake. Ine ndiye ndimathamangira ku buti kaye.

Nabanda: Mumathamanga poti mayi a Chiko amatsala ndi ana achimwene, awawa ali okha. Amange kansalu kowala pa chogwirira, ndipo amuuziretu kondakitala pokwera kuti akutsikira pati. Ndalama, foni, matikiti ndi mankhwala zisapite ku buti.

Bambo a Chiko: Kansalu sikaletsa wakuba koma chabwino.

Anti Mphatso: Ingomumwetsani mankhwala achimfine aja ogonetsa aja musananyamuke, agona mpaka kukafika.

Mayi Phiri: Ayi anti chonde zimenezo ayi. Mankhwala amenewo si ogonetsera ana, ena saloledwa nkomwe kwa mwana wosakwana zaka 2, komanso ana ena m'malo mogona amalusa nkumalira njira yonse. Ngati vuto ndi kusanza akafunse kuchipatala ulendo usanafike. Make Tadala, kusanza kwa m'galimoto kumakonda kuyamba mwana akapitilira zaka ziwiri, wakhandayo sindikumudandaula kwambiri. Wamkuluyo mukaona wangoti zii, akuyasamula pafupipafupi, kathukuta pamphumi, malovu mkamwa, dziwani kuti zayandikira, tsegulani windo ayang'ane kutali, jumbo ikhale m'manja osati pansi pa chikwama. Foni musampatse basi ikuyenda, kuyang'ana pansi ndi kumene kumayambitsa. Adye pang'ono pang'ono, osakhutitsa kapena zamafuta.

Make Tadala: Zikomo mayi, ndimati ndimupatse foni kuti akhazikike, ndasiya. Nanga maola atatu odikirawo? Kutoileti ndikalowa bwanji ndi chikwama chachikulu?

Nabanda: Mukangotsika kaonetsetseni kaye pomwe basi yachiwiri iyimire ndi nthawi yake, tikiti ikhale m'manja, zinazo pambuyo. Ngati pali ofesi yosungitsa katundu siyani pomwepo mutenge kalisiti. Kutoileti lowani nawo onse, mwana asatsale ndi munthu amene mwangodziwana naye m'basi ngakhale aoneke wabwino bwanji. Kenako pezani pokhala kutali ndi polowera mabasi, mumuyendetse wamkuluyo atope ndithu, basi yachiwiri agona yekha. Kutatsala mphindi 20 mupite naye kutoileti kachiwiri ngakhale akane, wakhanda musinthe thewera. Mamawa ponyamuka mujambuleni atavala zovala za tsikulo, nambala yanu mulembe pa kapepala muike m'thumba mwake.

Mayi Phiri: Ndipo musamumane madzi poopa kuti akodza. Wakhandayo ayamwe pafupipafupi, thewera likakhala louma maola ambiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi, muchepetsenso zofunda, m'basi yodzadza mumatentha.

Gire: Ine ana anga atatu ndimayenda nawo usiku, amagona okha palibe chovuta.

Make Tadala: Ya usiku ndinaiganizira asisi, koma ndiye kuti posinthirapo ndikadikira mumdima. Ndaimba foni akuti posungitsa katundu palibe. Ndichepetse katundu zonse zilowe m'chikwama chobereka, wakhanda ndimumange kutsogolo, kapena ndibwereke cha mateyala? Amene munayesapo ndi ana awiri ndiuzeni.