Mawu a pansi pa chithunzi aja ndawafupikitsa

"Mawu a pansi pa chithunzi cha malemu agogo anga atalika kwambiri. Ndiwadule bwanji kuti akhalebe okhudza mtima?" Ndinafunsa choncho masiku apitawa, ndiye ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zathera.

Ndinayamba ndi kuchotsa zonse zimene chithunzicho chikuonetsa kale: kuti agogo akhala pampando, akumwetulira, atsamira ndodo yawo. Zimenezo munthu amaziona yekha. Kenako ndinachotsa mawu ngati "ndakhudzidwa kwambiri" ndi "mtima wanga wasweka". Awa ndinawakakamira ndithu, koma aliyense amalemba zomwezo pa maliro, ndipo owerenga amangowadumpha.

Chiganizo chimene chinali ndi mphamvu chinali kumapeto kwenikweni. Pa Instagram mawu amadulidwa pakadutsa zilembo pafupifupi 125, otsalawo mpaka munthu adine "more", ndipo ambiri sadina. Choncho ndinachikweza pamwamba. Pano mawu onse ndi awa: "Ankandiitana ndi dzina la mayi anga, ine n'kumangovomera. Tsopano palibenso wondisokoneza dzina."

Mnzanga wina anati ndingosiya chiganizo chachiwiri chokha. Atachiwerenga mlongo wanga anafunsa kuti ndikunena dzina liti, ndiye choyambacho ndachisiya momwemo.